Kabuku ka mawu a mu mgodi: yambani ndi "mpweya" ndi "denga"

Funso: "Ndimaphunzitsa za chitetezo pa mgodi wa malasha wa pansi pa nthaka. Malamulo athu, zikwangwani ndi makina oyezera zonse zili m'Chingerezi, koma anthu a m'gulu langa amalankhulana Chichewa. Mabwana andiuza kuti ndikonze kabuku ka mawu ka zinenero ziwirizi, kokhudza kayendedwe ka mpweya ndi kuchirikiza denga. Ndatola kale mawu oposa 400 m'mabuku. Ndiyambire pati kuti kabukuka kadzathandizedi anthu kunsi kuja?"

Aphunzitsi, mawu 400 aja asungeni kaye pambali. Nthawi yake idzakwana, koma mukayamba ndi iwo mudzatulutsa buku lokongola limene lidzangokhala mu ofesi. Muyeso umene ine ndimatsatira ndi uwu: mawu alowe m'kabuku koyamba pokhapokha ngati munthu atawamva molakwa angagwire chinthu chosayenera kugwira, kapena kuponda malo osayenera kupondapo. Mukasefa motero mudzatsala ndi mawu 60 kapena 80, ndipo pa amenewo ndi pamene payenera kuthera mphamvu zanu.

Mawuwo mukawatole pansi, osati pa tebulo. Tsikani ndi gulu limodzi, mukhale nalo mpaka poweruka, kenako muchite chimodzimodzi ndi a shifiti ya usiku, chifukwa magulu awiri a mgodi umodzi amatha kutchula chinthu chimodzi mosiyana. Lembani zimene zili pa zikwangwani, zimene zimaoneka pa makina oyezera gasi, zimene zili pa fomu imene akapitawo amadzaza akayendera malo, ndi zimene anthu amauzana pa wailesi. Kafunsidwe kake nkofunika. Musafunse kuti mawu akutiakuti a Chingerezi amati chiyani m'Chichewa, chifukwa munthu amafuna kukusangalatsani ndipo adzakupekerani mawu pomwepo amene sanawagwiritsepo ntchito. Lozani chinthucho ndi nyale, mufunse kuti, "Ichi mumachitcha chiyani mukamatuma mnzanu?" Akati fani, lembani fani. Akati bawuti, lembani bawuti. Ngati pali achikulire amene anagwirapo ntchito m'migodi ya ku South Africa, mudzamva ndi mawu a Chifanakalo, chinenero cha m'migodi ya kumeneko, ndipo ngati gulu lonse limawamva, nawonso ali ndi malo. Kupanga dzina latsopano la Chichewa la chinthu chimene anthu anachizolowera kale ndi dzina lobwereka kumangowonjezera dzina lachitatu pamene panali awiri.

Ntchito yanu yeniyeni ili pamene mawu amodzi a Chichewa akusenza zinthu zingapo zofuna zochita zosiyana. Choyamba pa zonsezi ndi "mpweya".

Timati mpweya potchula umene fani ikukankha, timatinso mpweya potchula okosijeni, ndipo gasi aliyense woopsa timangoti "mpweya woipa". Kunja kuno palibe vuto. Koma munthu akafuula pa wailesi kuti "kuno kuli mpweya woipa", akapitawo sadziwa choti alamule, chifukwa mawuwa akhoza kutanthauza zinthu zinayi, ndipo chilichonse chili ndi njira yake.

Akhoza kukhala metheni, amene pa makina amalembedwa `CH4`. Ameneyu sanunkha, amapepuka kuposa mpweya wamba pafupifupi ndi theka, motero amasonkhana kudenga ndi m'mapanga a denga. Amaphulika akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti mu mpweya. Chochita ndi kuzimitsa magetsi, kupewa chilichonse chotulutsa moto, ndi kutuluka mlingo ukafika pamene malamulo anena. Ndipo metheni sayenda yekha: kuphulika kwake kumautsa fumbi la malasha, fumbilo nkuyaka nkufalitsa moto m'misewu yonse. Ngozi ya ku mgodi wa Wankie ku Zimbabwe mu 1972, imene inapha anthu 427, inali ya kuphulika kwa mtundu umenewu. Nchifukwa chake mawu a metheni ndi a fumbi la malasha azilozerana m'kabuku.

Akhoza kukhala kaboni monokisaidi, `CO`, wochokera ku moto, ku malasha amene ayamba kutentha okha, ku utsi wa injini za dizilo kapena ku zophulitsira. Nayenso sanunkha, ndipo amasakanikirana ndi mpweya wonse, sasankha kumwamba kapena pansi. Apa chochita ndi kuvala chopumira ndi kuthawira ku njira ya mpweya wolowa. Chachitatu ndi kuchepa kwa okosijeni, `O2`, kumene kumapezeka m'malo akale osayendamo mpweya ndi m'malo otsika kumene kaboni dayokisaidi, poti ndi wolemera, amakhazikika. Mpweya wabwino umaonetsa okosijeni wa 20.9 peresenti, ndipo makina ambiri amalira pa 19.5. Chachinayi ndi utsi wotsala akaphulitsa mwala, umene umakhala ndi gasi wofiirira wotentha mapapo. Woupuma amatha kutuluka akuyenda bwinobwino nkudzayamba kubanika patapita maola angapo ali kunyumba, motero tanthauzo lake liyenera kunena kuti aliyense waupuma akaonedwe ndi achipatala ngakhale akumva bwino.

Ine ndimagamula chonchi: "mpweya" asungidwire umene tikuyendetsa ndi mafani, ndipo china chilichonse chikhale "gasi" wokhala ndi dzina lake nthawi zonse. Mawu oti "mpweya woipa" muwalembebe m'kabuku, koma ngati mawu oletsedwa pa wailesi, ndipo pambali pake mulembe kuti wakumva afunse pomwepo: "Gasi wanji? Makina akuti bwanji?"

Msampha womwewu uli pa "chopumira". Pali chopumira chosefa, chimene chimasandutsa kaboni monokisaidi kukhala kaboni dayokisaidi koma sichipereka okosijeni ngakhale pang'ono. Palinso chopumira chodzipangira okosijeni wake. Munthu wovala choyambacho akalowa malo ochepa okosijeni amagwa ali nacho kukamwa. Ngati mgodi wanu uli ndi mtundu umodzi wokha, lembani zimene chimachita ndi zimene sichichita. Ngati ilipo yonse iwiri, aliyense akhale ndi dzina lake ndi chithunzi chake, ndipo mawu oti "chopumira" asaime okha paliponse.

Manambala nawo ndi mawu, ndipo anthu ambiri okonza timabuku totere amawaiwala. Makina amodzi amatha kuonetsa 20.9, 0.8 ndi 40 nthawi imodzi. Wosaphunzitsidwa amaona 0.8 ngati kanthu kakang'ono, pamene ameneyo ndi metheni woyandikira mlingo wozimitsira magetsi. 40 uja ndi kaboni monokisaidi ndipo ali mu `ppm`, kutanthauza magawo pa miliyoni, ndipo peresenti imodzi ndi 10,000 `ppm`. Choopsa kwambiri ndi `%LEL`. Makina ena saonetsa kuchuluka kwa metheni mu mpweya, amaonetsa mtunda umene wayenda kupita pa mlingo wophulikira. Pa makina oterewa 100 ndiye 5 peresenti ya metheni, ndipo 20 ndiye peresenti imodzi. Munthu akangoti "metheni ali pa 2", pa makina amodzi ndi kadontho chabe, pa ena ndi nthawi yoti aliyense akhale atatuluka kale. Onani makina onse a pamgodi panu, ndipo ngati alipo a mitundu iwiri, kabuku kalamule kuti nambala izitchulidwa limodzi ndi muyeso wake. Milingo yozimitsira ndi yotulukira imasiyana mayiko: malamulo a ku America amatchula 1.0 ndi 1.5 peresenti pamalo okumba, pamene ku Britain anazolowera 1.25 ndi 2. Inu mulembe ya m'malamulo a dziko lanu ndi a mgodi wanu, osati ya m'buku limene munatolamo mawu.

Tsopano tiyerekeze msewu umodzi umene ukukumbidwa, kuti muone chifukwa chake tanthauzo lililonse liyenera kunena chochita. Msewuwo ndi wa mamita 4 m'lifupi ndi mamita 3 kuchokera pansi kufika kudenga, kutsogolo ndi kotseka, ndipo mpweya umafika kumeneko ndi fani yothandizira kudzera m'paipi ya nsalu. Kukula kwa khomo lake ndi masikweya mita 12. Kuchuluka kwa mpweya timakupeza ndi `Q = V × A`, liwiro kuchulukitsa ndi kukula kwa khomo. Paipi ikamatulutsa makyubiki mita 6 pa sekondi, mpweya ukuyenda theka la mita pa sekondi mumsewumo. Tinene kuti malasha akutulutsa metheni wokwana 0.03 kyubiki mita pa sekondi. Gawani 0.03 ndi 6, mupeza 0.5 peresenti. Ntchito ikuyenda.

Ndiye galimoto yonyamula malasha yakola paipi nkuing'amba, theka la mpweya likuthawira panjira. Fani ikulirabe monga kale, ndipo aliyense woifunsa ayankha kuti "fani ikuyenda". Koma kutsogolo kukufika makyubiki mita 3 okha, ndipo metheni wakwera kufika pa 1.0 peresenti malasha osasintha kalikonse. Apa mukuona kuti "fani ikuyenda" ndi "mpweya ukufika" ayenera kukhala mawu awiri osiyana m'kabuku, ndipo achiwiriwo akhale ndi njira yodziwira: paipi yafufuma mpaka kumapeto, mphepo ikumveka pakamwa pake, ndipo pakamwapo sipanatalikire kutsogolo kuposa mtunda wololedwa.

Fani ikazima ndiye nkhani imathamanga. Mamita 20 omalizira a msewuwo ali ndi malo okwana makyubiki mita 240. Metheni akulowa 1.8 kyubiki mita pa mphindi. Kuti afike 5 peresenti pakufunika makyubiki mita 12, ndiye kuti mphindi zosakwana 7, ndipo kudenga afika msanga kuposa pamenepo popeza sasakanikirana mofanana. Munthu wanzeru zake, wofuna kuthandiza, amathamangira kukayatsanso fani. Akatero amakankha gasi yense wosonkhanayo nthawi imodzi kudutsa pa makina a magetsi amene ali kumbuyo. Choncho "kuyatsa fani" ndi "kuchotsa gasi wosonkhana" sizifanana. Chachiwirichi chimachitika pang'onopang'ono, magetsi atazimitsidwa, anthu atatuluka, woyeza ataima poyeza, ndipo amalamula ndi munthu wopatsidwa udindowo. Mtanthauziramawu wamba sangakupatseni kusiyana kumeneku. Mukupeza pokhapokha mutafunsa mkulu woona za mpweya kuti, "Chimene mumaopa kuti munthu angachite atamva mawu awa nchiyani?" Funso limeneli mufunse pa mawu aliwonse.

Zotchinga za m'misewu ndizidutsa mwachangu, koma chimodzi ndiime nacho. Pali khoma lotsekeratu lolekanitsa mpweya wolowa ndi wotuluka, pali nsalu yolozera mpweya kutsogolo, pali mlatho wodutsitsa mpweya wina pamwamba pa unzake. Izi sizivuta, chithunzi chimakwanira. Chovuta ndi chitseko ndi regyuleta, chifukwa anthu amangoti zonse ndi "chitseko". Chitseko chodutsira lamulo lake ndi lakuti ukadutsa utseke, ndipo pakakhala ziwiri zotsatizana usatsegule chachiwiri choyamba chisanatsekeke, apo ayi mpweya umadulira njira yachidule nkusiya anthu akutsogolo opanda kanthu. Regyuleta ndi zenera losiyidwa lotsegula mwadala, pa mlingo woyezedwa, kuti ligawe mpweya pakati pa zigawo. Wantchito watsopano wophunzitsidwa bwino kuti "chitseko chilichonse utseke" akalipeza amalitseka ndi mtima wabwino, nkuchepetsa mpweya wa chigawo chonse. Wina akamva kutentha amalikulitsa, nkulanda mpweya wa chigawo china chimene sakuchiona. Dzina lake lisakhale ndi mawu oti chitseko m'kati, ndipo tanthauzo lake liyambe ndi "osakhudza".

Pa zikwangwani za `INTAKE` ndi `RETURN`, ena amakonda kumasulira kuti mpweya wabwino ndi mpweya woipa. Ndikukupemphani musatero. Moto ukabuka m'njira yolowera, utsi umabwera ndi mpweya "wabwino" womwewo, ndipo tsiku wamba mpweya wotuluka umapumika bwinobwino. Mayinawo anene kumene mpweya ukulowera: wolowa, wotuluka.

Tibwere kudenga. Pano mawu ondidetsa nkhawa ndi oti "denga lili bwino". Wina akanena choncho akutanthauza kuti wayang'ana ndipo sanaone mng'alu. Wina akutanthauza kuti wagogoda ndi mgwala nkugwetsa miyala yolendewera. Wina akutanthauza kuti mabawuti alowa. Izi ndi zinthu zitatu, ndipo munthu amaloledwa kuima pansi pa chachitatu chokha. Kabuku kakhale ndi "denga losayendera", "denga loyendera koma losachirikiza" ndi "denga lochirikiza", ndipo katchule malire ndi chinthu chooneka ndi maso, mzere womaliza wa mabawuti. Kupitirira mzere umenewo ndi denga losachirikiza ngakhale litaoneka losalala bwanji.

Kugogoda denga kumafuna mawu a phokoso, ndipo apa Chichewa chimathandiza kuposa Chingerezi. Mwala wolimba umalira mowala, kuti ngwe ngwe, ndipo mgwala umadumpha m'manja. Mwala umene wasiyana ndi unzake wa pamwamba umalira mogonthera ngati ng'oma. Musalembe mawu anga, kafunseni amene amagogoda tsiku ndi tsiku kuti iwo amati chiyani, ndipo ngati nkotheka jambulani phokosolo pa chida chololedwa kulowa nacho pansi kuti ophunzira alimve. Koma tanthauzolo linenenso malire ake. Chimwala chachikulu chokhuthala chikhoza kukhala chitalekana kale pamwamba koma nkumalirabe ngati cholimba, chifukwa mgwala sungachigwedeze. Kulira kwa ng'oma kumatsimikiza kuti pali ngozi, koma kulira kowala sikutsimikiza kuti ngozi palibe. Chiganizo chimenechi chikasowa, kabuku kadzaphunzitsa anthu kudalira khutu pamalo pamene khutu silifika. Onjezaniponso zizindikiro zina zimene anthu amaziona: timiyala tosabwa kudenga, mbale ya bawuti yopindika, mtengo wolira kapena wothetheka, madzi oyamba kudontha pamene panali pouma, ndi malasha ogumuka ku khoma la m'mbali.

Mawu ena osenza zinthu ziwiri ndi "mzati". Mtengo woimika pochirikiza denga ndi mzati. Chigawo cha malasha chimene chasiyidwa dala chosakumba kuti chinyamule denga la mgodi wonse, anthu amachitchanso mzati kapena nsanamira. Lamulo loti "musachotse mzati popanda chilolezo" limakhudza zonse ziwiri, koma wokumba akalimva ngati la mitengo yokha sadzaona cholakwa kupala malasha pang'ono m'mbali mwa chigawo chija kuti adzaze ngolo. Kupala kotero kumachepetsa chonyamula ndi kukulitsa msewu nthawi imodzi. Patsani cha malasha dzina lake, monga chipilala cha malasha, ndipo mzati ukhale wa mtengo kapena wa chitsulo basi. Siyanitsaninso chochirikiza choyembekezera, chimene chimateteza oboola pamene akulowetsa mabawuti, ndi chochirikiza chokhalitsa.

Pa mabawuti, mtundu uliwonse umene mumagwiritsa ntchito ukhale ndi malo ake, chifukwa amagwira mosiyana: wina amamatidwa ndi guluu wotchedwa rezini, wina amatambasuka kumapeto nkuluma mwala, wina ndi paipi yong'aluka yokhomedwa m'bowo lothina, wina ndi chingwe chachitsulo chachitali cha pamphambano. Wa rezini ndi amene amafuna mawu osamala. Kathumba ka rezini kali ndi mankhwala awiri amene amasakanikirana bawuti akamazungulira. Pali nthawi yozunguza ndi nthawi yogwira chilili, kenako nkumanga nati. Mukazunguza pang'ono mankhwala sasakanikirana ndipo sauma. Mukazunguza mopitirira mumaswa rezini amene wayamba kale kuuma. Njira zonse ziwiri zimapereka bawuti wooneka bwino kunja koma wosagwira kanthu m'kati. Ngati kabuku kangoti "kulowetsa bawuti", zigawo zitatuzi zimasowa. Lembani chilichonse pachokha, ndipo masekondi ake muwatenge pa katoni ya rezini imene ili m'sitolo ya mgodi wanu, popeza amasiyana ndi mtundu wake komanso kutentha kwa malo.

Kachipangizo kolendewera kudenga koonetsa ngati denga likutsika, kamene pa fomu kamalembedwa `tell-tale`, kali ndi msampha wakewake. Waya wake anakoledwa m'kati mwa bowo pamwamba, ndipo m'munsi muli kandodo ka mitundu itatu, wobiriwira pamwamba, wachikasu pakati, wofiira pansi. Pa zambiri mtundu uliwonse umatenga mamilimita 25. Denga likamatsika, kapaipi ka pakamwa pa bowo kamatsika nalo nkumaphimba mitunduyo kuyambira wobiriwira. Ndiye kuti denga likakhala bwino mitundu yonse itatu imaoneka, wofiira womwe. Munthu wouzidwa kuti "ukaona wofiira thawa" adzaona wofiira tsiku lililonse, ndipo pakatha sabata adzasiya kuyang'anako. Tanthauzo lolondola ndi lakuti uwerenge mtundu umene uli pakamwa pa kapaipi. Chochita pa mtundu uliwonse chichokere mu dongosolo la mgodi wanu.

Mawonekedwe a tsamba asakuvuteni. Mawu aliwonse akhale ndi mizere yochepa yofanana, mwachitsanzo:

```
EN:        regulator
CHI:       regyuleta
NCHIYANI:  zenera loyezedwa logawa mpweya
CHOCHITA:  osakhudza; ukaona lasintha, uza akapitawo
SI:        chitseko chodutsira
```

Mzere woyamba ulembedwe ndendende monga zilili pa chikwangwani kapena pa makina. Mzere womalizawo, wonena chimene chinthucho sichili, ndi umene ndimaukonda koposa, chifukwa ndi umene umagwira zolakwa zonse zimene tadutsamo pamwambapa. Musandandalike motsatira alifabeti. Munthu pansi sadziwa dzina limene akufuna, amadziwa pamene waima, choncho gawani motsatira malo: pa fani, pa chitseko, kutsogolo kokumba, pamphambano, pothawira. Mndandanda wa alifabeti wa zinenero zonse ziwiri ukhale kumapeto. Ikani chithunzi chojambulidwa mu mgodi wanu womwewo, osati cha m'buku, ndipo kumbukirani kuti ena mwa akatswiri a mgwala sawerenga bwino chinenero chilichonse. Kwa iwo kabukuka kadzafika kudzera pakamwa pa akapitawo pa msonkhano wa m'mawa, choncho ziganizo zake zikhale zoti munthu angaziwerenge mokweza osapumira pakati.

Mukamaliza kulemba mwafika pakati pa ntchito. Kuyesa kumachitika pansi, ndi anthu amene sanakuthandizeni kulemba, osakanikirana akale ndi atsopano. Musawafunse ngati amva, chifukwa aliyense adzavomera mwaulemu. Nenani mawu a Chichewa, munthuyo akuonetseni chinthucho ndi kukuuzani chimene angachite. Kenako lozani chikwangwani cha Chingerezi, iye akuuzeni m'Chichewa. Pa anthu khumi, awiri akaloza chinthu china, vuto lili ndi mawuwo, osati anthuwo. Asintheni nkuyesanso ndi anthu ena.

Yesaninso khutu. Imani pafupi ndi fani ikulira, mutavala zotseka makutu, mnzanu akuuzeni mawuwo pa wailesi. Chichewa chili ndi chofooka chimodzi pamalo aphokoso: kuletsa kumagona pa kachigawo kamodzi kakang'ono pakati pa mawu. "Mulowe" ndi "musalowe" amasiyana ndi "sa" yekha, ndipo wailesi ikathetheka pamenepo lamulo latembenuka. "Tsekani" ndi "tsegulani" amayamba mofanana. Pa malamulo a ngozi sankhani mawu osafanana nkomwe: "Imani" ndi "Lowani", "Bwererani" ndi "Pitirirani". Ndipo kabuku kanene kuti wolandira lamulo alibwereze mokweza asanachite, kuti wolamula amve ngati lafika lonse.

Pomaliza pa kayendetsedwe kake, gawo la mpweya liwerengedwe ndi kusainidwa ndi mkulu woona za mpweya, gawo la denga ndi injiniya woona za miyala, ndipo pakhale wina wa m'gulu la okumba wotsimikiza kuti Chichewacho ndi cholankhulidwa. Ngati mabwanawo samva Chichewa, pezani munthu amene sanaone mawu a Chingerezi oyambirira abwezere Chichewa chanu m'Chingerezi, iwo awerenge chimenecho. Pamene pasiyana ndi lamulo lolembedwa ndi pamene muyenera kukonza. Tsamba lililonse likhale ndi tsiku ndi nambala ya kope, chifukwa mgodi ukasintha mtundu wa rezini, kugula makina oyezera ena, kapena kusintha mtunda wa pakati pa mabawuti, makope akale ayenera kutoleredwa onse tsiku lomwelo. Pemphani kuti a sitolo azikudziwitsani chinthu chatsopano chisanatsike pansi, ndiponso kuti pofufuza ngozi iliyonse, ngakhale imene sinavulaze munthu, azifunsa mawu enieni amene ananenedwa ndi mmene womvayo anawamvera. Mawu olowa m'kope lachiwiri adzachokera kumeneko.